Ndafufuta sitetasi maola 24 asanakwane, kodi anthu akuionabe? Mafunso ndi mayankho

Funso ili munthu amalifunsa mtima uli m'mwamba. Chithunzi chomwe chimayenera kupita kwa munthu mmodzi chapezeka pa sitetasi, kapena mawu olembedwa ndi mkwiyo usiku akuchititsa manyazi kutacha. Mwafufuta, pafoni panu palibenso kanthu, koma simukudziwa ngati kwa anzanu chachokanso. Mayankho ali m'munsiwa akukamba kwambiri za WhatsApp, chifukwa ndi komwe sitetasi yofufutidwa imachedwa kuchoka. Za Instagram ndi Facebook tazikhudza pomwe zikusiyana.

Ndikafufuta sitetasi, imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ichoke kwa anthu?

Palibe nthawi imodzi ya anthu onse. Kwa munthu amene foni yake ili pa intaneti pamene mukufufuta, sitetasi imachoka m'masekondi ochepa. Kwa munthu amene anailandira kale kenako n'kuzimitsa deta, imakhalabe mufoni mwake mpaka adzayatsenso. Akapanda kuyatsa, imadzachoka yokha maola 24 akakwana, kuwerengera kuchokera pa nthawi yomwe munaiika, osati yomwe munaifufuta. Choncho pa WhatsApp yeniyeni, yosasinthidwa, malire ake ndi amenewa: pakati pa masekondi ochepa ndi maola amene anatsala kuti 24 aja akwane.

Zomwe zili kunja kwa malirewa ndi zimene munthu wasunga yekha, monga sikirinishoti. Zimenezo zilibe wotchi.

N'chifukwa chiyani sichoka kwa onse nthawi imodzi? Si ine mwini wake?

Anthu ambiri amaganiza kuti sitetasi ili ngati chikalata chomatidwa pa bolodi, choti aliyense amabwera kudzawerenga pamalo amodzi, ndipo ukachimatula nkhani yatha. Pa WhatsApp sizili choncho. Chiyambireni masitetasi a zithunzi ndi mavidiyo mu February 2017, amayenda ngati meseji. Amakhala otsekedwa moti ngakhale kampaniyo singawawerenge, ndipo foni ya munthu aliyense amene mwamulola imalandira yakeyake.

Tiyerekeze ndi makadi a ukwati. Mwatuma mwana kukasiya khadi pa khomo lililonse m'mudzi, kenako mwazindikira kuti tsiku linalakwika. Simungalowe m'nyumba za eni kukatenga makadiwo. Chomwe mungachite n'kutuma mwana wachiwiri kuti azikanena khomo ndi khomo kuti khadi lija ling'ambidwe. Pomwe wapeza anthu, khadi ling'ambidwa pomwepo. Pomwe wapeza chitseko chotseka, khadi likhalabe pa tebulo m'nyumbamo mpaka eni adzatsegule.

Batani la `Delete` limachita ntchito ya mwana wachiwiriyo. Limachotsa sitetasi pafoni panu, kenako limatumiza kauthenga kosaoneka ku mafoni onse omwe analandira, kowauza kuti achotse. Foni yopanda intaneti ndiyo nyumba yotseka ija. Kauthengako kamadikira pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani, mpaka foniyo idzalumikizike.

Kwathu kuno nyumba zotseka ndi zambiri. Munthu amayatsa deta m'mawa, mameseji n'kulowa, n'kuzimitsa kuti bandulo isathe msanga, n'kumawerenga pang'onopang'ono ali m'minibasi. Wina bandulo yamuthera masana ndipo adzagula mawa. Wina ali kumudzi komwe netiweki imagwira pachulu pokha. Anthu onsewa akhoza kuona sitetasi yomwe inu munaifufuta kalekale, popanda kuchita chinyengo chilichonse.

Mungapereke chitsanzo chenicheni cha mmene zimayendera?

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika. Nthawi ili 7:10 madzulo Lachisanu, akufuna kutumizira mchemwali wake chithunzi cha meseji ya ndalama zomwe walandira pafoni, pomwe pakuoneka ndalama zotsala mu akaunti. Chala chaphonya, chithunzi chapita pa sitetasi. Wazindikira 7:25, wafufuta pomwepo deta ili yoyatsa. Chithunzicho chakhala poyera mphindi 15. Tiyeni tione anthu asanu mwa omwe ali ndi nambala yake.

Woyamba ndi mlamu wake, amene ali pa wayifayi ya kuntchito ndipo sanatsegule masitetasi m'mphindi 15 zimenezo. Foni yake inalandira chithunzi 7:10, n'kulandira lamulo lochotsa 7:25. Akadzatsegula 8 koloko sapeza kanthu, ndipo palibe chizindikiro chotsala. Apa pali kusiyana ndi meseji ya m'macheza, yomwe ikafufutidwa imasiya mawu akuti `This message was deleted`. Sitetasi imangosowa mwakachetechete.

Wachiwiri ndi apongozi. Iwo anayatsa deta 7:12, anatsegula sitetasiyo, chithunzi chinalowa chonse, n'kuzimitsa 7:18. Lamulo lochotsa silinawapeze. Usiku wonse akhoza kuchitsegula kangapo konse, n'kuonetsa aliyense amene ali pakhonde. Akayatsa deta 6 koloko m'mawa Loweruka, chidzachoka nthawi imeneyo, patatha maola oposa 10 chifufutireni. Bandulo ikakhala kuti yatheratu, chidzakhalapo mpaka 7:10 madzulo Loweruka.

Wachitatu ndi mnzake wa kumudzi amene foni yake inali yozima tsiku lonse chifukwa cha moto. Akadzayatsa Loweruka, chithunzi ndi lamulo lochotsa zidzafika motsatizana, ndipo kawirikawiri saona chilichonse. Munthu amene sanali pa intaneti nthawi yonse kuyambira poika mpaka pofufuta si wodetsa nkhawa. Wodetsa nkhawa ndi amene analowa pakati n'kutuluka musanafufute.

Wachinayi ndi kasitomala amene anaona 7:15 n'kuyankha pa sitetasipo kuti, "Mayi, mwaika dala izi?" Iyeyu ndiye anamudziwitsa. Sitetasi inachoka kwa iye 7:25, koma yankho lake lili m'macheza a awiriwa, ndipo pamwamba pake pali kachithunzi kakang'ono ka zomwe ankayankha.

Wachisanu ndi msuweni amene amagwiritsa ntchito GBWhatsApp. Foni yake inalandira lamulo lochotsa n'kulinyalanyaza. Za iyeyu tikamba pansipa.

Sitetasi imodzi, nthawi yofufutira imodzi, koma mayankho asanu osiyana.

Nanga ngati munthuyo analandira koma sanatsegule asanazimitse deta?

Zimatengera mtundu wa sitetasi. Ya mawu okhaokha, ija ya utoto kumbuyo, ndi yopepuka kwambiri ndipo imafika yonse nthawi imodzi. Ikangolowa mufoni, munthu amaiwerenga bwinobwino ngakhale alibe deta. Chithunzi ndi vidiyo zimabwera pawiri: choyamba kachithunzi kosaoneka bwino, kenako fayilo yeniyeni. WhatsApp imakoka okha mafayilo a masitetasi ena munthu asanawatsegule, koma osati onse. Fayilo ikakhala kuti sinalowe, munthu wopanda deta amangoona chimbuuzi ndi kamkombero kozungulira pakati. Akayatsa deta kuti aone bwino, lamulo lochotsa limalowanso pomwepo, sitetasi n'kusowa.

Choncho mawu otukwana olembedwa pa sitetasi ndi ovuta kubweza kuposa vidiyo yaitali. Vidiyo imafuna mamegabaiti kuti ifike, pomwe mawu amadutsa ngakhale pa netiweki yofooka.

Ndinafufuta deta yanga ili yozimitsa. Zatheka?

Ayi, sizinathekebe. Ili ndi vuto lofala kwambiri, ndipo limapusitsa chifukwa pafoni panu sitetasi imachoka nthawi yomweyo. Koma lamulo lochotsa lija silinatuluke mufoni mwanu. Likudikira intaneti monga mmene meseji imadikirira ili ndi kawotchi pambali. Anthu akupitiriza kuona ndi kutsegula ngati palibe chachitika.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Mukangofufuta, tumizani meseji iliyonse kwa munthu wina. Ikaonetsa kachongi kamodzi, ndiye kuti foni yanu ikulankhula ndi seva, ndipo lamulo lija latuluka. Ikakhala pa kawotchi, gulani bandulo kapena pemphani mnzanu akugawireni intaneti, ndipo musiye WhatsApp yotsegula kwa kanthawi. Samalaninso ndi bandulo yomwe yatha mwakachetechete: chizindikiro cha 4G chimaonekabe pamwamba pa foni ngakhale palibe chikudutsa.

Kodi WhatsApp imandiuza kuti yachoka kwa onse?

Simauza. Palibe lipoti la mafoni omwe amvera ndi omwe sanamve. Ngati pali munthu mmodzi amene mukumuopa kwambiri, mungayerekeze potengera meseji yomwe mwamutumizira mutafufuta. Machongi awiri akutanthauza kuti foni yake ili pa intaneti, ndiye kuti lamulo lochotsa lamufikanso. Kachongi kamodzi kakutanthauza kuti sanalumikizike, ndipo ngati analandira sitetasi ija, akadali nayo. Vuto lake n'lakuti meseji yopanda mutu kwa apongozi usiku imadzutsa mafunso ena.

Ndingadziwe bwanji amene anaona ndisanafufute?

Yang'anani musanafufute, chifukwa mndandanda wa oona umapita limodzi ndi sitetasiyo ndipo subwereranso. Tsegulani sitetasi yanu, dinani kachizindikiro ka diso pansi, jambulani sikirinishoti ya mainawo, kenako fufutani. Zimatenga masekondi asanu. Anthu ambiri amathamangira `Delete` ndi mantha, n'kutsala osadziwa kuti apepese kwa ndani. Komabe ngati chomwe chili pa sitetasi ndi choopsa kwenikweni, monga chithunzi cha maliseche kapena nambala yachinsinsi ya ku banki, musataye ngakhale masekondi asanuwo.

Dziwaninso kuti mndandandawo si wathunthu. Munthu amene anazimitsa `Read receipts` pansi pa `Privacy` amaona masitetasi dzina lake osaoneka. Amene waona alibe deta, dzina lake limadikira mpaka adzalumikizike, ndipo ngati inu mwafufuta kale simudzaliona n'komwe. Mukaona anthu 6 pa kadiso kaja, werengani kuti ndi 6 kapena kuposa.

Wina wandiuza kuti akuionabe pomwe ali pa intaneti. Zikutheka bwanji?

Yambani mwatsimikiza zinthu ziwiri za kumbali yanu: kuti munafufuta deta ili yoyatsa, komanso kuti munafufuta zidutswa zonse. Mukaika zithunzi zinayi, kapena vidiyo yaitali yoduladula, chilichonse ndi sitetasi payokha yokhala ndi wotchi yake. Kufufuta chimodzi sikukhudza zinazo. Pitani pa `Updates`, tsegulani `My status`, ndipo muone ngati patsala kanthu.

Ngati kwanu kuli koyera, mwayi waukulu ndi woti munthuyo ali ndi WhatsApp yosinthidwa, monga GBWhatsApp, FMWhatsApp kapena YoWhatsApp. Mapulogalamu amenewa si a kampani ya WhatsApp ndipo sapezeka pa Play Store. Anthu amapatsana pafoni kapena kuikiridwa ndi anyamata okonza mafoni. Chimodzi mwa zomwe amakopera anthu ndi batani lokana kufufuta. Lamulo lanu limafika ndithu, koma pulogalamuyo imalitaya n'kusunga sitetasi. Kumbukirani kuti lamulo lija ndi pempho chabe kwa foni ya mwini wake. WhatsApp yeniyeni imamvera nthawi zonse, yosinthidwa imasankha. Ambiri mwa mapulogalamuwa alinso ndi batani lokopera sitetasi mu galare, choncho maola 24 aja sagwiranso ntchito.

Kampani ya WhatsApp imaletsa mapulogalamu amenewa ndipo imatseka maakaunti owagwiritsa ntchito, koma zimenezo sizikuthandizani inu usiku umenewo. Pamaganizo anga, ngati mukudziwa kuti wachibale kapena mnzanu wa kuntchito ali ndi GBWhatsApp, muikeni pa `My contacts except...` lero lomwe, zinthu zisanalakwike.

Nanga mapulogalamu osungira masitetasi aja amagwira bwanji?

Pa mafoni a Android, sitetasi ya chithunzi kapena vidiyo ikalowa imakhala fayilo wamba mu foda yobisika. Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo foda yake ndi iyi:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/.Statuses
```

Pa mafoni akale ili pa `WhatsApp/Media/.Statuses`. Kadontho ka kumayambiriro kwa dzinako ndi komwe kamaibisa, koma aliyense amene wayatsa zoonetsa mafayilo obisika amalowamo. Mapulogalamu osungira masitetasi sachita matsenga ena, amangoyang'ana mu foda imeneyi n'kukopera fayilo kupita kwina. Fayilo ikangokoperedwa, WhatsApp ilibenso nayo mphamvu. Lamulo lanu lochotsa limakhudza yomwe ili m'manja mwa WhatsApp, osati kope lomwe lili mu galare. Masitetasi a mawu okhaokha sakhala mu foda imeneyi, koma amenewo amangofuna sikirinishoti.

Ndidziwa munthu akajambula sikirinishoti?

Ayi. WhatsApp sikuuzani za sikirinishoti ya sitetasi, ndipo Instagram ndi Facebook sizikuuzani za sikirinishoti ya sitori wamba. Madzi akatayika saoleka: chithunzi chomwe chalowa mu galare ya munthu n'kupita ku gulupu ya mpingo chilibenso chingwe chochilumikiza kwa inu.

Ndikasintha oona sitetasi m'malo mofufuta, sizikwanira?

Sizikwanira. Zomwe mwasintha pa `Status privacy` zimakhudza masitetasi a m'tsogolo okha. Yomwe inapita kale inapita kwa anthu omwe anali pa mndandanda nthawi imeneyo, ndipo makadi aja ali kale m'nyumba zawo. Ngati mwazindikira kuti bwana akuona chomwe sanayenera kuona, dongosolo lake ndi ili: fufutani kaye, sinthani mndandanda, kenako ikaninso. Ngati mukufunanso kumutsekera munthuyo ndi `Block`, chitani zimenezo pomaliza, lamulo lochotsa litatuluka kale.

Ndinachita mantha n'kuchotsa WhatsApp yonse mufoni. Sitetasi yapita nayo?

Sinapite. Kuchotsa pulogalamu, kuzimitsa foni kapena kuchotsa simu sikutumiza lamulo lililonse kwa anzanu. Sitetasi ikhalabe kwa iwo mpaka maola 24 akwane. Choipa kwambiri n'chakuti mukaikanso WhatsApp mukhoza kupeza `My status` ili yopanda kanthu pomwe ena akuionabe, ndiye kuti mwadzichotsera nokha batani lomwe likanakuthandizani.

Kodi pa Instagram ndi Facebook ndi chimodzimodzi?

Kumeneko fanizo la bolodi lija likugwira. Instagram inayamba masitori mu August 2016, Facebook mu March 2017, ndipo konseko sitori imakhala pa seva ya kampani. Foni ya woona imachita kukafunsa kumeneko. Mukafufuta, seva imasiya kuipereka, ndipo aliyense wotsegula pambuyo pake saipeza.

Mpata wotsala ndi waung'ono. Pulogalamuyo imakokeratu masitori angapo oyambirira kuti asamachedwe kutseguka. Munthu amene anatsegula Instagram musanafufute akhoza kuonabe kamkombero kanu pamwamba, ndipo ngati sitoriyo inali italowa kale, akhoza kuitsegula. Akangokokera tsamba pansi kuti libwere latsopano, kapena kutseka pulogalamu n'kutsegulanso ali pa intaneti, imasowa. Nthawi zambiri amangolandira uthenga woti sitoriyo palibenso. Kwa munthu amene ali pa intaneti, apa tikukamba za masekondi kapena mphindi zochepa.

Msampha wa kuno ndi wina: kuika chinthu chimodzi malo angapo. Ngati sitetasi ya WhatsApp munaigawanso ku Facebook, kapena sitori ya Instagram imapita yokha ku Facebook, musaganize kuti kufufuta kumodzi kwakonza konse. Tsegulani pulogalamu iliyonse payokha muone ndi maso anu. Zachitikira ambiri kuti ayeretsa WhatsApp, agona mtima uli m'malo, pomwe chithunzi chikuzungulira pa Facebook kwa anthu ochuluka kuposa aja a mufoni.

Pa Instagram ndaipeza mu `Recently deleted`. Ndiye kuti anthu akuionabe?

Ayi, foda imeneyo mumaiona nokha. Inabwera mu February 2021 kuti munthu athe kubweza zomwe wafufuta molakwitsa, kapena zomwe wakuba akaunti wafufuta. Muipeza pansi pa `Your activity`. Sitori yomwe sinasungidwe mu `Archive`, malo osungira masitori akale, imakhala mu `Recently deleted` mpaka maola 24, pomwe zithunzi ndi mavidiyo ena amakhalamo masiku 30. Ngati foni mumabwerekana ndi ena pakhomo, lowani m'menemo mufufutenso kachiwiri. WhatsApp ilibe foda yotere, sitetasi yofufutidwa simungaibweze.

Ndamva zoti zinthu zofufutidwa zimakhala masiku 90. Ndi zoona?

Nambala imeneyi imachokera m'malamulo a Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram. Amanena kuti kuchotseratu zinthu m'makina awo kungatenge mpaka masiku 90, ndipo makope osungira pangozi angatenge mpaka masiku ena 90. Koma zimenezi zikukamba za m'nkhokwe za kampani, osati zomwe anzanu akuona. Pa nthawi yonseyo chinthucho sichioneka kwa anthu ena. Musasokoneze mafunso awiriwa: loti "mnzanga akuionabe?" yankho lake ndi masekondi kapena maola, loti "kampani ikadali nayo?" yankho lake ndi miyezi.

Yankho lomwe munthu ananditumizira pa sitetasi lija, ndingalichotse?

Kumbali yanu yokha. Meseji ndi yake, choncho `Delete for everyone` angadine ndi iyeyo, ndipo WhatsApp imalola zimenezo kwa masiku pafupifupi awiri chitumizireni. Akadina pa kachithunzi kali pamwamba pa yankholo, sitetasi yonse sitsegukanso. Koma kachithunziko kamakwanira kuzindikira nkhope ya munthu, ndipo ngati sitetasi inali ya mawu, mawu oyambirira amawerengeka bwinobwino. Mayi wa kaunjika uja, atamaliza kufufuta, chotsala chinali kulembera kasitomala wake kuti, "Zikomo achimwene pondidziwitsa, chonde fufutani yankho lanulo kumbali zonse," ndiyeno kuimbira apongozi, amene foni yawo inali isanamve kanthu, kuwapempha kuti ayatse deta kwa mphindi imodzi yokha.